Mphemvu M'makireti a Kabichi: Imelo Yoyenera Kulembedwa Dzuwa Lisanalowe

Mwini lesitilanti akaimba foni kwa amene amamubweretsera ndiwo zamasamba n'kumuuza kuti m'makireti mwapezeka mphemvu, yankho lake limadziwika kale. "Mayi, ife katundu wathu ndi wochokera kudimba. Mphemvu zimenezo ndi za m'khitchini mwanu momwemo." Chovuta n'chakuti nthawi zina munthuyo amakhala akunena zoona. Mphemvu ilibe chizindikiro cha mwini wake, ndipo kireti ikangolowa m'sitolo ya lesitilanti n'kukhalamo maola awiri, palibenso amene angatsimikize ngati tizilomboto tinabwera ndi galimoto kapena tinakwera m'kiretimo titatuluka kuseri kwa firiji. N'chifukwa chake imelo yodandaula imakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati ntchito yake inayamba pakhomo lolandirira katundu, dalaivala asanalize galimoto.

Poyamba tidziwe mphemvu imene tikunena. M'matauni mwathu muli mitundu iwiri imene imasautsa kwambiri. Pali zikuluzikulu zofiirira, zotalika pafupifupi masentimita 4, zimene zimakhala m'zimbudzi, m'ngalande ndi m'mipope ya zonyansa. Imodzi yotere ikapezeka m'kireti, n'kutheka kuti yangosochera usiku umodzi. Koma pali zina zazing'ono, zosafika masentimita awiri, zotuwirako, zokhala ndi timizere tiwiri takuda kumbuyo kwa mutu. Akatswiri amazitcha mphemvu za ku Jeremani, ngakhale zili ponseponse padziko, ndipo ndi zimenezi zimene zimasowetsa tulo eni malo odyera. Yaikazi imayenda itanyamula kathumba ka mazira kumatako kwake, momwe mumakhala mazira 30 mpaka 40, ndipo imakasunga pafupifupi mwezi wathunthu mpaka ana atatsala pang'ono kutuluka. Pamalo ofunda pomwe pali chakudya ndi chinyezi, anawo amakula n'kuyamba kuswana pakangotha miyezi iwiri kapena itatu. Choncho mphemvu yaikazi imodzi yolowa ndi kireti ya kabichi mu Okutobala ikhoza kudzaza kuseri kwa mbaula Khirisimasi isanafike.

Pali mfundo ina imene imathandiza kwambiri pa mkangano wa pafoni uja. Mphemvu zazing'onozi si za kumunda. Zimakhala m'nyumba, m'mashedi, m'magalimoto ndi m'ziwiya, pafupi ndi anthu. Kabichi wodulidwa ku Tsangano kapena woodedwa pa Lizulu samachoka nazo m'dimba. Amazitenga panjira: m'shedi ya mumzinda momwe wagona usiku atatsitsidwa m'lole, m'bodi ya galimoto yosasesedwa, kapena m'kireti momwe wapakiridwa mbandakucha. Tomato wa ku Bvumbwe wopita ku Limbe ndi ku Blantyre amadutsa m'manja otere omwewa. Ndiye woperekera katundu akati "zathu n'zakudimba" sananame, koma sanayankhe funso. Funso ndi lakuti katunduyo anagona kuti, ndipo kiretiyo inatsukidwa liti.

Tiyerekeze nkhani yake. Mayi wina ali ndi lesitilanti mu Lilongwe, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse amalandira ndiwo zamasamba kwa bambo wina amene wakhala akugwira naye ntchito kwa zaka. Lachiwiri lina, 6 koloko itangodutsa, galimoto yatsitsa makireti asanu ndi atatu: atatu a kabichi, awiri a tomato, ndi imodzi imodzi ya anyezi, karoti ndi girinipepa. Mnyamata wothandiza kukhitchini akunyamula mutu wa kabichi wachiwiri kuchokera pansi, ndipo tinthu tofiirira tabalalika n'kuthawira m'nthiti za kireti. Mwamwayi makireti onse adakali panja, pakhonde la kumbuyo.

Chimene chimabwera msanga m'mutu ndi kuthamangira chitini cha mankhwala opopera. Chimenecho n'cholakwika kawiri: mankhwala agwera pa chakudya, ndipo mphemvu zotsala zithawira mkati mwa nyumba. Choyenera ndi kutseka chitseko cha khitchini, kukokera makireti kutali ndi khoma, ndi kuyamba kujambula. Chithunzi choyamba chionetse makireti ali pafupi ndi galimoto, nambala yake ikuoneka. Kenako atembenuze kireti imodzi imodzi, dalaivala akuona. Makireti apulasitiki ali ndi timipata pansi ndi m'mbali mwa zogwirira, ndipo mphemvu zimakonda malo opanikiza momwe msana ndi mimba zimakhudza khoma. Ngati pansi pa girinipepa anayalapo katoni, aing'ambe, chifukwa timabowo ta pakati pa katoni ndi nyumba yabwino ya ana a mphemvu.

Apa m'pamene pamapezeka umboni weniweni, ndipo si mphemvu zamoyo zokha. Ndowe za mphemvu zazing'onozi ndi timadontho takuda tokhala ngati fumbi la masamba a tiyi, ndipo timamatirira m'makona. Pamapezekanso zikopa zofundula, pakuti mwana wa mphemvu amafundula kangapo asanakule. Pamapezeka timatumba ta mazira, tofiirira, totalika mamilimita 8 kapena kuchepera, tokhala ndi timizere m'mbali. Kathumba kopanda kanthu, kong'ambika m'mphepete, kakutanthauza kuti ana anaswera pomwepo. Ndipo ngati mphemvuzo zili zamisinkhu yosiyanasiyana, tina tating'onoting'ono takuda topanda mapiko, zina zapakati, zina zazikulu, ndiye kuti banja limeneli lakhala m'kiretimo kapena pafupi nayo kwa masabata. Zimenezi sizingachitike m'mphindi khumi zimene kireti yakhala pakhonde la mayiyo. Pamalo pamene zachuluka pamamvekanso kafungo kena ka chuku kosakanikirana ndi ka mafuta, kamene wophika aliyense amene anakumana nako sakaiwala.

Mayiyo agwire zingapo n'kuziika m'botolo lotseka, pamodzi ndi timatumba tija. Kenako alembe pa chikalata chobweretsera katundu kuti makireti akuti ndi akuti akanidwa chifukwa cha mphemvu, alembe nthawi, ndipo dalaivala asaine. Madalaivala ambiri amakana, poopa abwana, ndipo palibe chifukwa cholimbana nawo. Akakana, mayiyo alembe kuti wakana ndipo wophika wamkulu asaine ngati mboni. Makireti okanidwa abwerere ndi galimoto yomweyo. Otsalawo awakhuthulire m'mabeseni a lesitilanti panja pomwepo, ayang'ane chimodzichimodzi, asende makoko ouma a anyezi, ndipo atsuke zonse ndi madzi aukhondo zisanalowe. Kireti ya woperekera katundu isalowe m'nyumba ngakhale imodzi.

Ena amati kubweza kabichi wathunthu chifukwa cha tizilombo tochepa n'kuwonjeza, popeza aphikidwa. Sindikugwirizana nawo. Mphemvu zimayenda m'zinyalala ndi m'ngalande, ndipo zimanyamula majeremusi otsegula m'mimba m'miyendo ndi m'matumbo mwawo, kuphatikizapo a salimonela. Kabichi wambiri wa m'malesitilanti athu samalawa moto, amadulidwa waiwisi kukhala saladi wa pambali pa tchipisi ndi nkhuku. Komanso timphemvu tating'ono timalowa pakati pa masamba pomwe madzi safika.

Tsopano imelo. Ilembedwe m'mawa womwewo, mtima utatsikako koma zinthu zisanaiwalike. Nayi mmene ingakhalire:

Mutu: Mphemvu m'katundu wa lero Lachiwiri, invoisi nambala 214

Okondeka Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ndalemba kuti ndikudziwitseni za vuto limene tapeza m'katundu amene galimoto yanu yabweretsa lero nthawi ya 6:10 m'mawa.

Pa makireti asanu ndi atatu, atatu tapezamo mphemvu: awiri a kabichi ndi ya girinipepa. Tawerenga zazikulu zamoyo zisanu ndi ziwiri ndi zazing'ono zoposa khumi. Pansi pa makireti a kabichi pali ndowe zake, ndipo m'katoni imene inayalidwa pansi pa girinipepa tapezamo timatumba titatu ta mazira toswa kale. Zonsezi tazipeza makireti adakali panja, dalaivala wanu ali pomwepo, ndipo wasaina pa chikalata. Zithunzi zisanu ndi chimodzi ndaziphatikiza pa imelo ino. Tizilomboto tasunga m'botolo ngati mungafune kudzaona.

Makireti atatuwo tawakana ndipo abwerera ndi galimoto yanu. Chonde muwachotse pa invoisi 214 ndipo munditumizire ina yokonzedwa. Katundu wa m'makireti asanu otsalawo tamuyang'ana, tamulandira, ndipo tilipira monga mwa nthawi zonse.

Ndikupempha kuti pofika mawa Lachitatu 5 koloko madzulo mundiyankhe pa imelo yomwe ino zinthu izi: komwe katunduyu anagona usiku wa Lolemba, mmene mumatsukira makireti akabwerera kuchokera kwa makasitomala, ndi zimene muchite m'shedi ndi m'galimoto. Ndikupemphanso kuti musiye kuyala makatoni akale m'makireti obwera kuno.

Chonde musapopere mankhwala aliwonse pa ndiwo kapena m'makireti muli ndiwo. Katundu wonunkha mankhwala sitidzamulandira.

Kumbali yathu, tatchera misampha yomata m'sitolo ndi m'khitchini lero, ndipo ndidzakuuzani zimene tipeze, chifukwa ndikudziwa kuti makireti anu amayenda m'makhitchini ambiri, kuphatikizapo yathu. Oda ya Lachisanu ndaiimitsa kaye mpaka nditalandira yankho lanu. Ndili wokonzeka kubwera kudzaona shedi yanu tsiku limene mungandiuze.

Takhala tikugwira ntchito limodzi bwino kwa nthawi yaitali, ndipo ndikufuna zipitirire.

Ine wanu,
Mwini lesitilanti

Kalata imeneyi ndi yaifupi, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito. Taonani kuti mulibe mawu akuti "uve", "kusasamala" kapena "mwandichititsa manyazi". Mayiyo angakhale akumva zonsezo mumtima, koma akangozilemba, bamboyo ayankha mawu opwetekawo n'kusiya nkhani ya makireti. Nambala ya invoisi, nthawi ya 6:10 ndi timatumba titatu m'katoni n'zovuta kutsutsana nazo. Bamboyo akhoza kupita kushedi kwake, n'kung'amba katoni ina ya pamulu womwewo, n'kudzionera yekha.

Taonaninso kuti mayiyo wanena poyera zimene walandira ndi zimene wakana. Ambiri amalakwitsa apa. Amakwiya, n'kusunga katundu yense, n'kuphikako, kenako kumapeto kwa mwezi n'kukana kulipira invoisi yonse. Pa lamulo la kugula ndi kugulitsa katundu, wogula amene wasunga katundu kwa nthawi yaitali osanena kuti wamukana amatengedwa ngati wamulandira, ndipo ndiwo zamasamba sizidikira, mawa lake zafota kale. Kukana kuyenera kunenedwa tsiku lomwelo ndipo kukhale kolembedwa. Ndi chifukwa chomwechi imelo imaposa foni. Zolankhula pafoni aliyense amazikumbukira mokomera mbali yake, pomwe imelo imasunga tsiku, nthawi ndi zithunzi pamalo amodzi. Lamulo la m'chaka cha 2016 loona za kutumizirana mauthenga ndi kuchita malonda pa intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limavomereza mauthenga otere ngati umboni. Operekera katundu ambiri satsegula imelo tsiku lililonse, ndiye n'kwanzeru kuimba kaye foni mwaulemu, kutumiza imeloyo, kenako n'kumutumiziranso pa WhatsApp kuti asadzanene kuti sanaione.

Ndime imene ndimaiona yofunika kuposa zonse ndi ija yoletsa kupopera mankhwala. Munthu wamalonda akauzidwa kuti katundu wake ali ndi mphemvu ndipo oda yaima, amachita mantha, ndipo njira yachangu imene amaidziwa ndi kugula mankhwala pamsika n'kufayira shedi yonse, makireti ndi kabichi yemwe. Ena amafika pogwiritsa ntchito mankhwala a kumunda kapena a m'nkhokwe, osayenera kuyandikira chakudya chodyedwa mawa lake. Lachisanu katundu abwera wopanda kachilombo n'kamodzi komwe, koma woopsa kuposa wa Lachiwiri, ndipo poizoniyo saoneka ndi maso. Kuwonjezera apo, mankhwala opopera salowa bwino m'kathumba ka mazira. Zazikulu zimafa, aliyense n'kupuma, ndipo pakatha masabata angapo ana aswa n'kuyambiranso. Imelo imene ingoti "konzani vutoli msanga" popanda chenjezo limeneli imamukankhira munthu ku njira yolakwikayi.

Nanga yankho labwino la woperekera katundu limaoneka bwanji? Si lija lakuti "pepani Mayi, sizidzachitikanso". Labwino limatchula ntchito. Makireti onse akhuthulidwa, akwechedwa ndi bulashi m'madzi otentha a sopo mpaka m'timipata ta pansi, ndipo aumikidwa padzuwa. Makatoni akale atayidwa kutali. Katundu m'shedi wachotsedwa pansi n'kuikidwa pamathandala, motalikirana ndi khoma kuti tsache lizidutsa. Masamba owola sakugonanso m'shedi. Bodi ya galimoto yatsukidwa, ndi m'kabini momwe, pakuti pansi pa mpando wa dalaivala, pomwe pamagwera nyenyeswa za mandasi, m'pamene mphemvu zimakhazikika. Ndipo ngati pakufunika mankhwala, aitane munthu wodziwa ntchitoyo, wogwiritsa ntchito mankhwala ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, aike nyambo yokhala ngati phala m'ming'alu, katundu atachotsedwa. Nyamboyi imagwira bwino chifukwa mphemvu imadya n'kukafera kobisala, ndipo zinzake zodya ndowe kapena mtembo wake zimafanso. Koma siigwirizana ndi kupopera, chifukwa fungo la mankhwala opopera limathamangitsa mphemvu pa nyambo.

Tibwerere ku chiganizo chija chakuti makireti amayenda m'makhitchini ambiri. Ena angachione ngati kufooka, ngati mayiyo akudzipereka yekha. Ine ndimachiona ngati chilungamo chimene chimateteza mayiyo. Kireti imene yabweretsa kabichi lero inagona sabata yatha m'sitolo ya hotela ina kapena ya sukulu yogonera konko, ndipo mwina sabata inayo inagona mwa mayiyo momwemo. Woperekera katundu akhoza kukhala ndi shedi yoyera koma n'kumasamutsa mphemvu kuchokera kwa kasitomala wina kupita kwa wina osadziwa. Udindo wotsuka makireti ndi wake ndithu, koma mayiyo ayenera kudziwa zoona za nyumba yake asanaloze chala. Misampha yomata, timakatoni tokhala ndi ulimbo mkati, aiike kuseri kwa firiji pafupi ndi injini yake pomwe pamafunda, pansi pa sinki, ndi m'makona a sitolo, motsamira khoma chifukwa mphemvu zimayenda m'mphepete. Alembe tsiku pa msampha uliwonse. Ngati pakatha masiku atatu misampha ya m'khitchini yadzaza ndi ana amisinkhu yosiyanasiyana, ndiye kuti vuto linalipo kale m'nyumbamo, ndipo ayenera kumuuza bamboyo monga analonjezera. Ngati ili mbee, aisiye pomwepo kwa masabata asanu ndi limodzi, chifukwa mwina katundu wa Lachisanu lapitalo analowetsa yaikazi ya mazira, ndipo ana ake sanayambe kuoneka.

Imeloyi ili ndi owerenga ena amene sanatchulidwe pa adiresi. Oyendera zaumoyo a khonsolo ya mzinda, komanso a bungwe loona za miyezo ya zinthu la Malawi Bureau of Standards, amalowa m'malo odyera ndipo akhala akutseka amene apezeka ndi uve. Akapeza mphemvu m'khitchini sadzafunsa kuti kabichi anachokera kwa yani, chifukwa chiphaso chopachikidwa pakhoma chili m'dzina la mayiyo. Chimene angawaonetse ndi fayilo: imelo ya tsiku lomwelo, chikalata chosainidwa, misampha yolembedwa masiku, risiti ya wothira mankhwala. Sizifafaniza mlandu ngati khitchini ili yauve, koma zimaonetsa kuti mwini wake amayang'ana zolowa pakhomo pake. Komabe sindingalangize kuti imelo yoyamba iopseze kukanena kukhonsolo, kapena kuti zithunzi ziponyedwe pa gulu la WhatsApp la eni malesitilanti. Munthu amene sanapatsidwe mpata woyankha akhoza kutaya makasitomala onse chifukwa cha kireti imene inadetsedwa ndi wina, ndipo woponya zithunziyo akhoza kudzipezera mlandu woipitsa mbiri.

Malire alipo. Lachitatu likadutsa bamboyo ali chete, kapena akayankha kuti mphemvu zili paliponse ndipo Mayi musavutike nazo, kapena akakana kuti shedi yake ionedwe, imelo yachiwiri ikhale ya mizere itatu: oda zonse zaima, invoisi yokonzedwa ikudikiridwa, makireti ake otsala adzatenge panja. Koma akayankha motchula ntchito, mayiyo apite kushediko, makamaka kusanache pamene akupakira katundu, ali ndi tochi. Mphemvu zimayenda usiku, ndiye masana shedi iliyonse imaoneka bwino. Aunike m'ming'alu ya khoma, pansi pa mathandala ndi pamulu wa makireti opanda kanthu. Akakhutira, oda iyambirenso pang'ono, ndipo agwirizane kuti kuyambira pamenepo katundu azikhuthulidwa m'mabeseni a lesitilanti pakhonde, makireti n'kubwerera ndi galimoto nthawi yomweyo. Zimenezi zimawonjezera mphindi zingapo pa kutsitsa katundu ndipo dalaivala adzadandaula kuti akuchedwa kwa makasitomala ena, choncho zilembedwe mu imelo yotsekera nkhaniyo, ndipo bamboyo ayankhe kuti wavomera galimoto ya Lachisanu isananyamuke.